Hamada, Harris-Pringle kapena APV: kuchotsa ndi kubwezera ngongole mu beta ya bizinesi yatsopano

Tiyerekeze kampani ya pabanja ya ku Lilongwe yomwe imapikulitsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Masheya ake sali pa msika. Tsopano eni ake akufuna kutsegula nthambi ya mathiraki onyamula katundu wa anthu ena kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ntchito yonse idya madola 4 miliyoni: banki ipereka 1.5 miliyoni, eni atapa m'thumba 2.5 miliyoni. Akauntanti walemba kale ndalama zomwe mathirakiwo azibweretsa chaka ndi chaka. Chatsala ndi peresenti yotsitsira ndalama za m'tsogolozo kuti zioneke mtengo wake wa lero.

Peresenti yomwe kampaniyo imagwiritsa ntchito pa magolosale siingagwire pano. Shuga ndi sopo zimagulidwa ngakhale chuma chitavuta, pamene katundu wa pamsewu amachepa msanga feteleza, simenti ndi fodya zikasiya kuyenda. Chiopsezo cha mathiraki ndi china, choncho beta yake, nambala yoyeza mmene phindu la masheya limasinthira msika wonse ukasintha, yomwe peresentiyo imadalira, iyenera kuchokera kwa makampani ena onyamula katundu omwe ali pa msika wa masheya. Koma beta yomwe mumaiona pa kompyuta ndi ya masheya a kampani inayake pamodzi ndi ngongole zake. Kampani ya ngongole zambiri imakhala ndi beta yokwera ngakhale bizinesi yake ikhale yofanana ndi ya inzake, chifukwa banki imayamba yatenga zake ndipo kusinthasintha konse kwa phindu kumagwera eni masheya. N'chifukwa chake timayamba tachotsa ngongole za makampani enawo mu beta, kutsala ndi chiopsezo cha bizinesi yokha, kenako n'kubwezeramo ngongole ya kampani yathu.

Mafomula ochitira zimenezi alipo angapo, ndipo iliyonse ili ndi chomwe imakhulupirira pa nkhani ya mmene ngongole idzayendere. Kusankha fomula ndi kuyankha funso limeneli, osati kutenga yomwe munaizolowera kusukulu.

Manambala oyambira

Pa Malawi Stock Exchange makampani safika makumi awiri, ambiri ndi mabanki ndi a inshuwalansi ndi a mafoni, ndipo palibe ya mathiraki. Masheya ena amatha masiku osagulidwa, zomwe zimachititsa kuti beta yake ioneke yotsika kuposa mmene ilili. Motero makampani ofananitsa nawo amachokera ku misika ngati wa ku Johannesburg kapena kwina kunja. Manambala ali m'munsiwa ndi ongoyerekeza, tawasankha kuti masamu aoneke bwino. Pa ntchito yeniyeni mutenge a tsiku lomwe mukuwerengera.

| Kampani | βL | D/E | t |
|---|---|---|---|
| A | 1.20 | 50% | 27% |
| B | 0.95 | 20% | 30% |
| C | 1.50 | 100% | 25% |

βL ndi beta yokhala ndi ngongole, βU ikhala beta yopanda ngongole, D ndi ngongole, E ndi mtengo wa masheya onse pa msika, t ndi msonkho wa pa phindu. Kampani iliyonse ichotsedwe ngongole ndi msonkho wa dziko lake. Pobwezera m'pamene mulowetsa 30% ya ku Malawi, ndi D/E ya nthambi yatsopanoyo, yomwe poyambira ndi 1.5 kugawa ndi 2.5, kutanthauza 60%.

Hamada: ngongole yokhazikika, yosasintha

Iyi ndi yomwe anthu ambiri amaidziwa. Robert Hamada anaisindikiza mu 1972, polumikiza njira ya CAPM, yowerengera phindu lomwe eni masheya ayenera kufuna molingana ndi beta, ndi zomwe Modigliani ndi Miller analemba mu 1963 pa nkhani ya ngongole ndi msonkho.

```
βU = βL / (1 + (1 − t) × D/E)
βL = βU × (1 + (1 − t) × D/E)
```

Kampani A: 0.73 kuchulukitsa ndi 0.5 ndi 0.365, ndiye 1.20 kugawa ndi 1.365 zikupereka 0.879. B ikutuluka 0.833, C ikutuluka 0.857. Taonani mmene manambala omwe anali otalikirana, kuyambira 0.95 mpaka 1.50, abwerera pamodzi. Chimenechi ndi chizindikiro choyamba choti makampani mwasankhawo akuchitadi bizinesi imodzi. Akakhala kuti atachotsedwa ngongole akadali omwazikana, wina 0.4 wina 1.3, vuto lili pa kasankhidwe, osati pa fomula. Avareji pano ndi 0.856. Kubwezera ngongole ya 60% ndi msonkho wa 30% ndi kuchulukitsa ndi 1.42, ndipo beta ya nthambi ya mathiraki ikukhala 1.22.

Kagawo ka (1 − t) kamene kali mu fomulayi kali ndi tanthauzo lalikulu. Chiwongoladzanja chimachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe, choncho ngongole imapulumutsa msonkho chaka chilichonse. Hamada amatenga kuti ngongoleyo ndi ndalama yokhazikika yomwe sidzatha: ikapsa, kampani ikongolanso yomweyo, mpaka kalekale. Zikatero, msonkho wopulumutsidwawo ndi wodziwikiratu, ulibe chiopsezo choposa cha ngongoleyo, ndipo mtengo wake wa lero ndi t kuchulukitsa ndi D. Pa nkhani yathu ndi 30% ya 1.5 miliyoni, madola 450,000. Musunge nambala imeneyi, tibwereranso kwa iyo.

Chachiwiri chomwe fomulayi imatenga ndi chakuti ngongole ilibe chiopsezo cha msika n'komwe, banki idzalipidwa zivute zitani. Kwa kampani ya ngongole zochepa zimenezi sizipotoza zambiri. Kwa kampani ngati C, yomwe theka la mpamba wake ndi ngongole, n'zosatheka kuti obwereketsa asasenzeko kanthu.

Harris-Pringle: ngongole yoyenda limodzi ndi mtengo wa bizinesi

Harris ndi Pringle mu 1985 anayambira pa mfundo ina. Makampani ambiri sasunga ngongole ya ndalama yokhazikika, amasunga gawo lokhazikika. Bizinesi ikakula amakongola zambiri, ikafota amabweza. Ngati zili choncho, msonkho wopulumutsidwa umakwera ndi kutsika limodzi ndi bizinesiyo, ndiye chiopsezo chake n'chimodzimodzi ndi cha bizinesi. Zotsatira zake n'zakuti msonkho umazimirira mu fomula.

```
βU = βL / (1 + D/E)
βL = βU × (1 + D/E)
```

A ikupereka 0.800, B 0.792, C 0.750, avareji 0.781. Kuchulukitsa ndi 1.6 kukupereka 1.25.

Pali chifukwa chimodzi champhamvu chokondera njirayi chomwe ambiri sachiona. Mukatsitsa ndalama za zaka zonse ndi WACC imodzi yosasintha, peresenti yophatikiza phindu lomwe eni akufuna ndi chiwongoladzanja cha ngongole, mwavomera kale kuti gawo la ngongole pa mtengo wa bizinesi silidzasintha. Imeneyo ndi mfundo ya Harris-Pringle, osati ya Hamada. Ogwiritsa ntchito Hamada pamodzi ndi WACC yokhazikika pa bizinesi yomwe ikukula akunena zinthu ziwiri zotsutsana mu sipuredishiti imodzi.

Miles ndi Ezzell, mu 1980, anatenga kuti kampani imakonza gawo la ngongole kamodzi pachaka osati tsiku ndi tsiku. Zimenezi zimangochulukitsa D/E ndi `1 − t × Kd / (1 + Kd)`, pomwe Kd ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Ndi Kd ya 14% ndi msonkho wa 30% kanambalako ndi 0.963. Kusiyana kwake ndi Harris-Pringle n'kochepa kwambiri moti simuyenera kutaya nthawi posankha pakati pa ziwirizi.

Kuvomera kuti ngongole nayo ili ndi beta

Njira yachitatu imachotsa bodza loti banki ilibe chiopsezo. Beta ya bizinesi imakhala avareji ya beta ya masheya ndi ya ngongole, βD, molingana ndi kukula kwa chilichonse.

```
βU = βL × E/(D+E) + βD × D/(D+E)
βL = βU + (βU − βD) × D/E
```

Tikapatsa A βD ya 0.15, B 0.10 ndi C 0.25, tikupeza 0.850, 0.808 ndi 0.875, avareji 0.844. Kampani C yakwera kwambiri, kuchoka pa 0.750 kufika pa 0.875, chifukwa ndi yomwe njira yapitayo inaichotsera chiopsezo chochuluka kuposa chomwe ngongole yake inabweretsa. Kubwezera ndi βD ya 0.20 pa D/E ya 60% kukupereka 1.23.

Vuto la njirayi ndi kupeza βD, pakuti ngongole ya kubanki siigulitsidwa pa msika. Anthu amaiwerengera kuchokera pa chiwongoladzanja, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna. Tinene kuti banki ikufuna 14% pa ngongole ya madola, chiwongoladzanja chopanda chiopsezo cha boma la America ndi 4.5%, ndipo phindu loonjezera lomwe msika wa masheya umapereka ndi 5.5%. Wongothamanga achotsa 4.5 pa 14, agawa 9.5 ndi 5.5, apeza 1.73. Beta ya ngongole yoposa ya bizinesi yeniyeniyo ndi yosatheka, ndipo mukaiika mu fomula beta ya masheya izitsika ngongole ikamakwera. Mukaona zimenezo mudziwe kuti βD yalakwika. Mu 9.5 muja muli zinthu zitatu: chiopsezo cha dziko, chomwe mu chitsanzo chathu tikuchiika pa 7, ndalama zomwe banki ikuyembekezera kuluza kwa olephera kubweza, tinene 1.4, ndi chotsala cha 1.1, chomwe ndicho chokha chimayenda ndi msika. 1.1 kugawa ndi 5.5 ndi 0.20 uja.

Pamene njirazi zimagwirizana ndi pamene zimapatukana

| D/E ya nthambi | Hamada | Harris-Pringle | Yokhala ndi βD |
|---|---|---|---|
| 0% | 0.86 | 0.78 | 0.84 |
| 60% | 1.22 | 1.25 | 1.23 |
| 200% | 2.05 | 2.34 | 1.83 |

Pa 60% njira zonse zitatu zikunena chimodzi, ndipo si mwangozi. Avareji ya D/E ya makampani atatu aja ndi pafupifupi 57%. Mukachotsa ngongole n'kubwezeramo yofanana nayo kukula, cholakwika chomwe fomula inapanga potsika imachifafaniza pokwera. Ndiye ngati nthambi yanu idzakongola mofanana ndi anzake a m'bizinesiyo, kukangana za fomula n'kutaya malovu.

Zimasintha banki ikavomera kulipira magawo awiri mwa atatu a mtengo wa mathiraki, D/E n'kufika 200%. Pa mzere umenewu βD taikweza kufika 0.35, chifukwa banki yomwe yaika ndalama zochuluka chotero yasenza gawo lalikulu la chiopsezo. Pakati pa 1.83 ndi 2.34 pali 0.51, ndipo kuchulukitsa ndi 5.5 ndi mapointi 2.8 pa phindu lomwe eni ayenera kufuna. Kusiyana kumeneko n'kokwanira kusandutsa ntchito yooneka yopindulitsa kukhala yoluza. Pa ngongole yochuluka chonchi ife timadalira ya βD, popeza ziwiri zinazo zimaunjika chiopsezo chonse pa eni ngati kuti banki ilibe chotaya.

Cholakwika chomwe chimapweteka kwambiri si kusankha fomula yosayenera koma kusakaniza. Zimachitika mosadziwa: munthu atenga βU yokonzedwa kale pa tebulo, mwachitsanzo ija yomwe Aswath Damodaran wa ku New York University amatulutsa Januwale aliyense, yomwe imawerengedwa ndi fomula yokhala ndi msonkho, kenako iye n'kubwezera ngongole ndi fomula yopanda msonkho. Pa manambala athu, 0.856 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 1.37. Kuchita mobwerera, 0.781 kuchulukitsa ndi 1.42, ndi 1.11. Yankho loona lili pakati pa 1.22 ndi 1.25, koma kusakaniza kwakupatsani chilichonse kuyambira 1.11 mpaka 1.37. Njira yodziyesera ndi yapafupi: tengani βU ya kampani A, ibwezereni D/E ndi msonkho wake womwe ndi fomula yomwe mukufuna kugwiritsa ntchito. Ikapanda kubwerera pa 1.20, mwasakaniza.

Ngongole ya mathiraki imatha, ndipo apa mafomula onse atatu amaphonya

Tsopano tiyang'ane ngongole yeniyeniyo. Banki siipereka madola 1.5 miliyoni mpaka kalekale, ndipo siidzaonjezera chifukwa choti bizinesi yakwera mtengo. Ipereka ya zaka zisanu, kubweza 300,000 pachaka. Chaka choyamba chiwongoladzanja ndi 14% ya 1.5 miliyoni, madola 210,000, ndipo msonkho wopulumutsidwa ndi 63,000. Chaka chachiwiri ndi 50,400, kenako 37,800, kenako 25,200, chomaliza 12,600. Kutsitsa zonsezi ndi 14% kukupereka madola pafupifupi 141,000 a lero. Hamada uja anawerengera 450,000, kuposa katatu.

D/E nayo siima pa 60%. Chaka chilichonse ikutsika, ndipo pofika chaka chachisanu ndi chimodzi yafika pa ziro. Beta ya 1.22 ndi yoona chaka choyamba chokha.

Pali njira ziwiri zotulukira. Ngati kampani ikudziwa kuti thiraki ikakalamba izigula ina ndi ngongole yatsopano, moti ngongole yonse ya nthambiyo izingozungulira pa gawo limodzimodzi, Harris-Pringle ikugwira ndipo WACC imodzi ikwanira. Koma D/E yoikamo ikhale ya avareji ya mathiraki atsopano ndi akale pamodzi, yomwe imakhala yotsika kuposa ya tsiku logula. Ngati ndi ngongole imodzi yomwe ikatha yatha, musabwezere ngongole mu beta n'komwe. Gwiritsani ntchito APV, njira yomwe Stewart Myers anafotokoza mu 1974: tsitsani ndalama za mathiraki ndi peresenti yochokera pa βU yokha, kenako onjezerani padera mtengo wa msonkho wopulumutsidwa. Ndi βU ya 0.85, peresentiyo ndi 4.5 kuphatikiza 4.7, yomwe ndi 0.85 kuchulukitsa ndi 5.5, kuphatikiza 7, pafupifupi 16.2%, ndipo pa yankho lotulukalo muonjezera 141,000 uja.

Ubwino wina wa APV ndi woti imakukakamizani kufunsa ngati msonkhowo udzapulumutsidwadi. Nthambi yatsopano kawirikawiri imaluza zaka zoyamba, komanso mtengo wa mathiraki umachotsedwa pa phindu la msonkho pang'onopang'ono, moti phindu lolipirira msonkho limatha kusowa. Ngati nthambiyo ili mkati mwa kampani yomweyo ya magolosale yomwe ikulipira msonkho, chiwongoladzanja chichotsedwa pa phindu la magolosale ndipo 63,000 uja ndi weniweni. Ikalembetsedwa ngati kampani yapayokha, musatenge kuti zili choncho musanafunse wodziwa za msonkho. Kupulumutsako kukhoza kuchedwa zaka zingapo, ndipo mtengo wake wa lero utsika. Komwe msonkho sukulipidwa n'komwe, t ndi ziro ndipo Hamada imasanduka Harris-Pringle yokha.

D/E ya kampani yomwe ilibe mtengo wa pa msika

Mafomula onsewa amafuna E ya pa msika, osati ya m'mabuku a akauntanti. Kwa A, B ndi C n'zosavuta: mtengo wa sheya kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa masheya. Kwa nthambi yathu E yotereyi kulibe, ndiyo tikuifuna. 60% ija tinaipeza pa ndalama zolowetsedwa, osati pa mtengo. Ngati kuwerengera kwanu kukusonyeza kuti nthambiyo ndi ya madola 5 miliyoni, ndiye E ndi 3.5 miliyoni ndipo D/E ndi 43%. Ndi Hamada beta itsika kufika 1.11, peresenti yotsitsira isintha, mtengo usinthanso. Muyenera kubwereza: ikani E yatsopano, werengerani beta, WACC ndi mtengo, tenganinso E yotuluka, mpaka manambala atasiya kusuntha. Maulendo anayi kapena asanu amakwanira. Wosafuna kuzungulira chonchi atenge avareji ya D/E ya makampani ofananitsa nawo, poganiza kuti pakapita nthawi nthambiyo idzafanana nawo. Njira imeneyi ndi yosavuta kuiteteza pamaso pa banki kapena munthu wofuna kugula masheya.

Chenjezo lina likukhudza chikole. Banki ikavomera kulipira 80% ya mathiraki chifukwa eni apereka nyumba yosungiramo magolosale ngati chikole, ngongole imeneyo yaimira pa bizinesi yakale, osati pa mathiraki. Kuiika yonse mu D/E ya nthambi yatsopano kumatsitsa WACC yake mwachinyengo, ndipo mathiraki amaoneka opindulitsa ndi mphamvu yobwereka kwa shuga ndi sopo. Funso loyenera ndi lakuti: mathirakiwa paokha, popanda chikole china, banki ingawakongoze zingati? D/E yochokera pa yankho limenelo ndiyo yolowa mu fomula.

Zokonza pa makampani ofananitsa nawo

Makampani atatu ndi ochepa. Tawagwiritsa ntchito kuti masamu akwane pa tsamba. Beta ya kampani imodzi, yowerengedwa ndi fomula ya `SLOPE` ya mu sipuredishiti pa phindu la miyezi 60, imakhala ndi cholakwika chachikulu. Ngati cholakwikacho ndi 0.25 pa kampani iliyonse, avareji ya makampani asanu ndi anayi imachitsitsa kufika pafupifupi 0.08, malinga ngati zolakwikazo sizikuyendera limodzi. Yerekezani 0.25 ameneyu ndi 0.03 yomwe inasiyanitsa Hamada ndi Harris-Pringle pa 60%, muona komwe nthawi yanu iyenera kupita. Pakakhala kampani imodzi yotalikirana kwambiri ndi zinzake, tengani nambala ya pakati m'malo mwa avareji.

Lendi ndi nkhani yaikulu kwa onyamula katundu, chifukwa ambiri amabwereka mathiraki ndi nyumba zosungiramo katundu kwa zaka zambiri. Kuyambira 1 Januwale 2019 lamulo la IFRS 16 limaika malendi otere m'mabuku ngati ngongole. Muwawerengere mu D ya makampani onse ndi mu D yanu yomwe, kapena muwasiye konsekonse. Kuwaika potsika n'kuwaiwala pokwera kumatsitsa beta popanda chifukwa.

Ndalama zongokhala ku banki nazo zimabisa chiopsezo. Ngati 10% ya mtengo wa kampani B ndi ndalama zotere, beta ya bizinesi yake yeniyeni ndi βU kugawa ndi 0.9, ndiye 0.833 ikwera kufika 0.926. Ndipo D/E yochotsera ngongole ikhale ya avareji ya zaka zomwe beta inawerengedwa. Kampani yomwe masheya ake agwa ndi theka mwezi wathawu ili ndi D/E yowirikiza lero, koma beta yake ya zaka zisanu inapangidwa ngongole ili yopepuka. Pomaliza, onetsetsani ngati beta mwatengayo ndi yosakonzedwa kapena ndi ija ya Bloomberg, kampani ya nkhani za misika, yokokedwera ku 1 ndi `0.67 × β + 0.33`; makampani onse akhale a mtundu umodzi.

Kuchoka pa beta kufika pa peresenti

```
Ke   = Rf + βL × ERP + CRP
WACC = Ke × E/(D+E) + Kd × (1 − t) × D/(D+E)
```

Ke ndi phindu lomwe eni ayenera kufuna, Rf ndi 4.5% ija, ERP ndi 5.5%, CRP ndi 7% ya chiopsezo cha dziko. Ndi beta ya 1.22, Ke ndi 18.2%. Harris-Pringle ikupereka 18.4%, ya βD 18.3%. Eni ali ndi 62.5% ya mpamba, banki 37.5%, ndipo 14% ikachotsedwa msonkho ndi 9.8%. WACC ikutuluka pafupifupi 15%.

Pali funso lina lomwe kampani ya pabanja siingalithawe. Beta imayeza chiopsezo chokhacho chomwe chimatsala kwa munthu amene ndalama zake zamwazikana m'makampani ambiri. Banja lomwe chuma chake chonse chili mu kampani imodzi limasenza zambiri kuposa pamenepo. Damodaran amapereka njira yogawa beta ndi mlingo wa mmene masheya a bizinesiyo amayendera limodzi ndi msika, ρ. Ngati ρ ndi 0.5, beta ya 1.22 isanduka 2.44 ndipo Ke ifika 24.9%. Akatswiri ambiri amaikana njirayi, ndipo ali ndi mfundo: imatenga kuti mwiniyo alibe kalikonse kwina, pamene banja lathuli lili ndi magolosale omwe amachepetsako chiopsezo. Ife timaiona ngati malire a kumtunda. Ndi yothandiza pofuna kudziwa ngati ntchitoyo ingapirire mwini wosamala kwambiri, koma siiyenera kulowa mu mtengo wogulitsira gawo la nthambiyo kwa kampani ya penshoni kapena ya inshuwalansi yomwe ndalama zake zili ponseponse.

15% ija ndi ya madola, chifukwa Rf ndi ERP zachokera ku madola. Iyenera kutsitsa ndalama zolembedwa m'madola. Ngati akauntanti walemba m'makwacha, ndi kukwera kwa mitengo kuli momwemo, peresentiyo isinthidwe:

```
WACC_MWK = (1 + WACC_USD) × (1 + i_MW) / (1 + i_US) − 1
```

Tikayerekeza kukwera kwa mitengo kwa 20% ku Malawi ndi 2.5% ku America, 1.15 kuchulukitsa ndi 1.20 kugawa ndi 1.025 kukupereka pafupifupi 35%. Kutsitsa makwacha ndi 15% kungapangitse ntchito iliyonse kuoneka yabwino, ndipo cholakwika chimenecho n'chachikulu kuposa zonse zomwe takambirana pa mafomula. Fomulayi imatenga kuti kwacha imatsika pang'onopang'ono motsatira mitengo, pamene zenizeni zimabwera modumpha, monga 25% ya mu Meyi 2022 ndi 44% ya mu Novembala 2023. Kwa mathiraki omwe matayala, zipangizo ndi ngongole zili m'madola koma makasitomala ena amalipira m'makwacha, kudumpha kotereku kulembedwe mu ndalama za chaka ndi chaka, poyesa chaka chomwe kwacha yagwa mitengo yonyamulira isanakwezedwe. Mukakuika mu ndalamazo musakuonjezerenso mu CRP, kuopa kuwerengera chiopsezo chimodzi kawiri.